Kusandutsa chithunzi cha lipoti la phindu kukhala tebulo: njira iti ingakuyenereni?

Aliyense amene amagwira ntchito younika mapempho a ngongole, kaya kubanki, ku bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama kapena ku ofesi ya akauntanti, amadziwa mmene malipoti a zachuma amafikira masiku ano. Mumapempha lipoti la phindu ndi kuluza, ndipo chimene chimalowa m'foni ndi chithunzi. Pepala analijambula lili patebulo, mbali ina muli mthunzi wa dzanja, pamwamba pali chidindo. Inu chimene mukufuna ndi tebulo la makolamu atatu basi: dzina la akaunti, ndalama za chaka chino, ndi ndalama za chaka chatha, kuti muthe kuyerekeza ndi kuwerengetsa.

Ambiri amaganiza kuti vuto lagona pa kuzindikira zilembo ndi manambala. Zimenezo makina amazichita bwino ndithu masiku ano ngati chithunzi chili chooneka. Pamene pamavuta kwenikweni ndi kudziwa kuti nambala iyi ndi ya mzere uti, ndiponso ya chaka chiti. Njira zonse zimene ndikambe ndiziyeza pa mfundo imeneyi, pogwiritsa ntchito lipoti limodzi lachitsanzo. Tinene kuti ndi la kampani yaing'ono yogulitsa zipangizo za ulimi, ndipo manambala ake ndawapanga kuti tiphunzirirepo.

```
                              Note     2024       2023
                                      K'000      K'000
Revenue                          5   184,620    131,905
Cost of sales                    6  (121,340)   (88,170)
Gross profit                          63,280     43,735
Other income                     7     2,150          -
Distribution costs                    (9,875)    (7,210)
Administrative and other
  operating expenses             8   (31,460)   (24,390)
Operating profit                      24,095     12,135
Finance costs                    9    (6,830)    (4,115)
Profit before tax                     17,265      8,020
Income tax expense              10    (5,180)    (2,406)
Profit for the year                   12,085      5,614
```

Lipotili ndi lalifupi, koma muli misampha yokwanira. Pali kolamu yopapatiza ya `Note`, yomwe manambala ake si ndalama ayi, amangolozera ku ndime zofotokozera kumapeto kwa lipoti, ndipo mizere ina ili nayo pomwe ina ilibe. Pali kamzere kakang'ono pa `Other income` kotanthauza kuti chaka chatha panalibe kanthu. Pali dzina la akaunti lomwe latalika mpaka kudumphira pa mzere wachiwiri. Pali mabulaketi, omwe kwa akauntanti amatanthauza kuti nambalayo ndi yochotsera. Ndipo pamwamba pali `K'000`, kutanthauza kuti 184,620 si K184,620 koma K184,620,000.

Makolamu a zaka ziwiri si mwambo chabe. Muyezo wa IAS 1, womwe ndi lamulo la kalembedwe ka malipoti a zachuma lotsatidwa m'maiko ambiri, umafuna kuti malipoti azisonyeza manambala a nyengo yapita pambali pa a nyengo ino, ndipo IFRS 18, yomwe inatuluka mu 2024 ndipo idzalowa m'malo mwa IAS 1 kuyambira pa 1 Januwale 2027, yasunga zomwezo. Choncho pafupifupi lipoti lililonse lomwe ladutsa kwa maodita mudzalipeza lili chonchi.

Kutaipa ndi manja

Njira imeneyi anthu amainyoza, koma pa lipoti limodzi kapena awiri ndi imene ndingakulangizeni. Mizere 11 ndi makolamu awiri ndi manambala 22, ntchito ya mphindi zochepa. Maso a munthu sasokonezeka ndi kolamu ya `Note`, amadziwa kuti dzina lodumphira mzere wina ndi limodzi, ndipo chidindo chikaphimba theka la nambala munthu amazindikira kuti sakuona bwino n'kuimba foni kufunsa. Simufunika bandulo, ndipo pepala la kasitomala silichoka m'manja mwanu. Excel imathandizanso: mukataipa `(9,875)` imaisandutsa yokha kukhala nambala yochotsera.

Kufooka kwake ndi kutopa. Munthu akataipa nthawi yaitali zala zimayamba kusinthanitsa manambala oyandikana, 31,460 n'kulowa ngati 31,640. Maso amadumphanso mzere, makamaka pamene dzina la akaunti lili kutali ndi manambala ake ndipo pepala lapendekeka. Malipoti akafika makumi angapo pa mwezi, kapena akakhala a masamba ambiri okhala ndi maakaunti ang'onoang'ono, njirayi imayamba kudya tsiku lonse.

Zida zomwe muli nazo kale

Excel ya Microsoft 365 ili ndi njira yowerengera tebulo kuchokera pa chithunzi. Pa kompyuta mumapita pa `Data`, kenako `From Picture`. Pa foni imatchedwa `Data from Picture`. Imafuna intaneti chifukwa chithunzicho chimakawerengedwa kumakina a kampaniyo. Ubwino wake ndi woti isanalowetse manambala imakuonetsani mabokosi amene ikuwakayikira kuti muwakonze. Pa pepala loongoka, loyera bwino, imagwira ntchito yabwino, ndipo kwa munthu wa malipoti ochepa pa sabata palibe chifukwa chofunira zina. Pa lipoti lathu lija, yembekezerani kupeza `Administrative and other` ili yokha pa mzere wopanda manambala, ndipo `operating expenses` ili pansi pake ndi ndalama zonse. Muyenera kulumikiza nokha, n'kufufutanso kolamu ya `Note`. Chofunika kukumbukira ndi choti mabokosi amene sinawakayikire si ndiye kuti ndi olondola.

Njira ina imene ambiri amayesa ndi kuika chithunzi mu Google Drive n'kuchitsekula ndi Google Docs. Mawu amatuluka ndithu, koma pa ntchito iyi musataye nayo nthawi. Eni ake amachenjeza kuti matebulo ndi makolamu nthawi zambiri sazindikirika. Mukhoza kupeza mayina onse a maakaunti pamwamba, manambala ali mndandanda pansi, ndipo kamzere kaja katasowa. Manambala a 2023 amatsala 10 pomwe mayina ndi 11, ndipo mukawaika moyang'anizana, chilichonse kuyambira mzere wachinayi chimakwera ndi mzere umodzi. Zida zokopera mawu pa chithunzi za m'mafoni zili ndi vuto lomweli.

Musanapite patali, onani kaye ngati chimene mwalandira chilidi chithunzi. Fayilo ya PDF yotuluka mwachindunji mu pulogalamu ya maakaunti imakhala ndi zilembo zenizeni mkati. Yesani kusankha mawu ndi mbewa ya kompyuta. Akasankhika, simufunika kuwerenga chithunzi n'komwe. Lamulo la `pdftotext -layout` kapena zida monga Tabula ndi Camelot zimatulutsa manambalawo ndendende, popanda 3 kusanduka 8. Nthawi zambiri kupempha kasitomala kuti atumize fayilo yoyambirira kumapulumutsa ntchito yambiri kuposa chida chilichonse.

Tesseract ndi kapulogalamu kanu

Apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene munthu amaona bwino chimene chimachitika m'kati mwa njira zonsezi. Tesseract ndi pulogalamu yaulere yowerenga zilembo pa zithunzi. Inayambira ku Hewlett-Packard m'zaka za m'ma 1980, inatulutsidwa kwa aliyense mu 2005, ndipo kuyambira pa mtundu wachinayi wa mu 2018 imawerenga bwino kwambiri kuposa kale. Imagwira ntchito pa kompyuta yanu popanda intaneti. Koma siidziwa kuti tebulo n'chiyani; imangodziwa mawu ndi malo amene ali pa tsamba.

Anthu ambiri amayamba ndi njira yooneka yosavuta: kutulutsa mzere uliwonse ngati mawu, n'kunena kuti nambala yomaliza ndi ya chaka chatha, yotsatira kumanzere ndi ya chaka chino, zotsala ndi dzina la akaunti. Pa mizere yambiri zimayenda. Tsono taonani zimene zimachitika pa mzere wachinayi. Kamzere kaja ndi kakang'ono, ndipo pa chithunzi cha foni kamatha kuoneka ngati kachitsotso, Tesseract n'kukataya. Chotsala ndi ichi:

```
Other income 7 2,150
```

Kapulogalamu kanu kadzanena mosakayika kuti chaka chino `Other income` inali 7 ndipo chaka chatha inali 2,150. Palibe chilembo chimene chawerengedwa molakwika. Nambala ya ndime yasanduka ndalama, ndalama za 2024 zasamukira ku 2023, ndipo tebulo likuoneka lodzaza bwinobwino. Zolakwika zotere n'zimene ndimaziopa kwambiri, chifukwa poyang'ana sizionetsa chizindikiro chilichonse.

Njira yabwino ndi kusiya kuwerenga kuti nambala ndi yachingati pa mzere, n'kuyamba kuona pamene yaima pa tsamba. Tesseract imatha kupereka malo a liwu lililonse:

```
tesseract lipoti.png zotuluka --psm 6 tsv
```

Gawo la `--psm 6` limaiuza kuti tsamba lonse ilitenge ngati chigawo chimodzi cha mawu, isaligawe m'zigawo ngati nyuzipepala, chifukwa ikaligawa imalekanitsa mayina ndi manambala ake. Gawo la `tsv` limatulutsa fayilo momwe liwu lililonse lili ndi `left`, `top`, `width`, `height` ndi `conf`, kutanthauza pamene layambira kumanzere, pamene layambira pamwamba, mulifupi mwake, msinkhu wake, ndi mmene pulogalamuyo ikudzikhulupirira kufikira pa 100.

Manambala a m'malipoti a zachuma amafoledwa kumanja, ndiye poyambira pake pamasiyana malinga ndi kutalika kwa nambala, koma pothera pake pamafanana. Choncho chimene muyenera kuwerengetsa ndi `left + width`. Tsamba la A4 losikanidwa pa madontho 300 pa inchi limakhala la madontho 2,480 mulifupi. Tinene kuti pa tsamba lathu mutu wa `Note` ukuthera pa 1,180, wa `2024` pa 1,610, ndipo wa `2023` pa 2,010. Nambala iliyonse muipereke ku mutu umene ili nawo pafupi. Nambala 7 ikuthera cha pa 1,180, ndiye ndi ya ndime, itayeni. Nambala 2,150 ikuthera cha pa 1,610, ndiye ndi ya 2024. Pa 2,010 palibe kanthu, ndiye bokosi la 2023 likhale lopanda kanthu, kaya kamzere kaoneka kapena ayi. Siyani mpata wa madontho makumi angapo mbali zonse, chifukwa bulaketi lotsekera limatulukira pang'ono kumanja kwa manambala ena.

Dzina lodumphira mzere wachiwiri limafuna lamulo lake, ndipo apa mpofunika kusamala. Mzere wopanda manambala ukhoza kukhala chiyambi cha dzina lalitali, kapena ukhoza kukhala mutu wa gulu, monga `Expenses`. Chizindikiro chothandiza ndi choti mzere wotsatira ukayamba ndi chilembo chaching'ono, kapena wapamwambawo ukathera ndi mawu ngati `and` kapena `of`, ndiye kuti ndi dzina limodzi. Lamuloli silikwanira pa malipoti onse, ndipo mudzaliwonjezera pamene mukukumana ndi maonekedwe atsopano.

Pomaliza pamatsala kusandutsa zolembazo kukhala manambala enieni:

```python
def nambala(s):
    s = s.strip()
    if s in ("", "-", "–"):
        return 0
    n = int(s.strip("()-").replace(",", ""))
    return -n if s[0] in "(-" or s[-1] in ")-" else n
```

Onani kuti bulaketi limodzi lokha, lotsekulira kapena lotsekera, likukwanira kuti nambala ikhale yochotsera, chifukwa limodzi limasowa kawirikawiri. Choopsa china n'choti bulaketi lotsekulira limatha kuwerengedwa ngati 1, `(9,875)` n'kusanduka `19,875)`. Mukaona bulaketi lotsekera lopanda mnzake ndipo nambala ikuyamba ndi 1, ikani chizindikiro kuti munthu akaone.

Njira imeneyi ndi yotsika mtengo poigwiritsa ntchito, imasunga chinsinsi, ndipo ikalakwitsa mumatha kuona chifukwa chake. Mtengo wake ndi nthawi ya munthu wodziwa kulemba mapulogalamu, komanso imafuna chithunzi choongoka. Pepala likapendekeka ngakhale pang'ono, nambala ya kumapeto kwa mzere imatsika kufika pa msinkhu wa dzina la mzere wapansi. Mwa kuwerengetsa, kupendekeka kwa digiri imodzi pa mtunda wa madontho 2,000 kumasuntha nambala ndi madontho pafupifupi 35, pomwe mizere ya zilembo wamba imatalikirana ndi madontho 50 okha. Ndiye kuongola chithunzi kuyambe.

Makina olipira a pa intaneti

Amazon Textract, Azure AI Document Intelligence ndi Google Document AI anapangidwa kuti azizindikira matebulo okha. Mu Textract, mwachitsanzo, mukapempha `TABLES` mumalandira bokosi lililonse lili ndi `RowIndex`, `ColumnIndex` ndi `Confidence`. Ntchito yonse ya kuyeza madontho ija yachitika kale, bokosi lopanda kanthu limabwera lopanda kanthu pamalo pake, ndipo amapirira zithunzi zopendekeka ndi za mthunzi kuposa Tesseract. Ngati mukulandira malipoti mazana a maonekedwe osiyanasiyana, iyi ndi njira yolimba.

Komabe sadziwa zaukauntanti. Akupatsani makolamu anayi, ndipo ndi inu woti munene kuti yachiwiri ndi ya ndime, yachitatu ndi ya chaka chino. Amalipiritsa pa tsamba lililonse m'ndalama zakunja, zomwe kwa ofesi ya ku Malawi zikutanthauza khadi lolipirira kunja ndi vuto la kusowa kwa madola. Ndiponso lipoti la kasitomala limatuluka mu ofesi yanu kupita ku makina a kampani ina, chinthu chimene muyenera kuyamba mwagwirizana ndi akuluakulu anu komanso mwini lipotilo.

Palinso nzeru za makina zatsopano zija zomwe zimaona chithunzi n'kulemba tebulo lonse nthawi imodzi. Pa kumvetsa maonekedwe a tsamba zimaposa zonse: dzina lodumphira mzere zimalilumikiza, kolamu ya ndime zimaisiya, mabulaketi zimawamva. Koma kulakwitsa kwake n'kwamtundu wina. Tesseract ikalephera kuona imatulutsa zinyalala zooneka, monga `6,8?0` kapena `l84,620`, ndipo mumadziwa pomwepo. Zida zatsopanozi zikalephera kuona zimatha kulemba nambala yooneka bwino yomwe palibe pa pepala, ngakhale kusintha nambala kuti masamu agwirizane pamene pepala lenilenilo linali ndi cholakwika. Kwa wounika ngongole, lipoti lomwe masamu ake sakugwirizana ndi uthenga wofunika, ndipo simufuna chida chimene chingaubise. Ngati mukuzigwiritsa ntchito, ntchito yake ikhale kukopera zimene zili pa pepala basi, masamu achitikire kwina.

Lipoti limadziyesa lokha

Mwayi waukulu wa lipoti la phindu, kusiyana ndi matebulo ena, ndi woti manambala ake ndi omangana. Kaya mwasankha njira iti, mayeso awa musawadumphe. Ikani mayina mu kolamu A, 2024 mu B, 2023 mu C, kuyambira mzere 2 mpaka 12, n'kulemba mafomula anayi, kenako muwakokere ku C:

```
=B2+B3-B4
=SUM(B4:B7)-B8
=B8+B9-B10
=B10+B11-B12
```

Onse ayenera kupereka ziro. Kusiyana kwa 1 kumachitika m'malipoti olembedwa m'masauzande chifukwa cha kuzunguliza manambala, ndipo kumeneko musadandaule nako. Kusiyana kokulirapo kumakuuzani osati kungoti pali cholakwika, komanso mtundu wake.

Tiyambe ndi vuto la `Other income` lija. Fomula yachiwiri ya 2024 ipeza 63,280 kuphatikiza 7, kuchotsa 9,875 ndi 31,460, zomwe ndi 21,952, pomwe lipoti likuti 24,095, paperewera 2,143. Ya 2023 ipeza 14,285 pomwe lipoti likuti 12,135, papitirira 2,150. Zaka zonse ziwiri zikaphonya pa fomula imodzimodzi, china kuperewera china kupitirira ndi ndalama zoyandikana, dziwani kuti nambala yasamuka kolamu. Ndipo kusiyana kwa 2,150 ndi 2,143 ndi 7 uja, nambala ya ndime.

Mabulaketi akasowa onse awiri pa 9,875, kusiyana kudzakhala 19,750, chifukwa mwaphatikiza chimene mumayenera kuchotsa. Ndiye mukapeza kusiyana, kugaweni pakati n'kuona ngati zotsatirazo zili pa tsamba. Zala zikasinthanitsa manambala, 31,640 m'malo mwa 31,460, kusiyana ndi 180, ndipo kusiyana kotere nthawi zonse kumagawika ndi 9 popanda chotsala, njira yakale imene osunga mabuku a ndalama amaidziwa bwino. Makina akawerenga 6,830 ngati 6,880, kusiyana ndi 50 ndendende. Kusiyana kokhala ndi nambala imodzi yotsatiridwa ndi maziro, ngati 50, 500 kapena 5,000, kumaloza ku nambala imodzi yosaoneka bwino, ndipo 5 amakonda kutuluka pamene 3 wasokonezeka ndi 8. Fomula ziwiri zoyandikana zikaphonya ndi ndalama yofanana, cholakwika chili pa nambala yophatikiza imene ili pakati pawo, osati pa maakaunti.

Mayesowa ali ndi malire, ndipo ndi bwino kuwadziwa. Ndalama za `Distribution costs` zikasinthana ndi za mzere wapansi pake, masamu adzagwirizanabe. Mayina a maakaunti sayesedwa n'komwe. `K'000` ikaiwalika, zonse zidzagwirizana koma kampani ya mamiliyoni idzaoneka ngati kagolosale. Ndipo choopsa koposa, makolamu onse awiri akasinthana, mafomula onse adzapereka ziro, koma bizinesi yomwe phindu lake lakwera kuchoka pa 5,614 kufika pa 12,085 idzaoneka ngati yagwa ndi kupitirira theka.

N'chifukwa chake musalembe lamulo loti kolamu ya kumanzere ndi ya chaka chino. Malipoti ambiri a maodita amatero, koma malipoti okonzedwa m'kati mwa kampani nthawi zina amayamba ndi chaka chakale kupita ku chatsopano. Werengani chaka pa mutu wa kolamu nthawi zonse, ndipo mutu ukapanda kuwerengeka ntchito iime mpaka munthu aone. Ngati muli ndi lipoti la chaka chatha, kolamu yake ya 2023 iyenera kufanana ndi kolamu ya 2023 ya lipoti latsopano, pokhapokha pamutu palembedwa `Restated`, kusonyeza kuti manambala akalewo anakonzedwanso. Mawu amenewo asungeni pamodzi ndi tebulo.

Mitu imavutanso m'njira zina. Makampani a pa msika wa masheya wa Malawi akamasindikiza zotsatira zawo m'nyuzipepala, ambiri amaika makolamu anayi: awiri pansi pa `Consolidated`, a gulu lonse, ndi awiri pansi pa `Separate`, a kampani yaikulu payokha. Zaka ziwiri zomwezo zimaoneka kawiri, ndipo muyenera kusankha gulu limodzi musanayambe. Malipoti a theka la chaka amatha kukhala ndi makolamu atatu: miyezi 6 ino, miyezi 6 yofanana nayo chaka chatha, ndi miyezi 12 ya chaka chatha chonse, ndipo kuyerekeza kolamu yoyamba ndi yachitatu kulibe tanthauzo. Mapulogalamu ngati QuickBooks amawonjezera makolamu a kusintha kwa ndalama ndi maperesenti, ndipo amalemba zowononga popanda mabulaketi, kotero mafomula aja ayenera kukhala ochotsera m'malo mophatikiza. Kwa amene mumalandira mapepala ochokera ku Tete kapena kwina ku Mozambique, kumeneko kalembedwe ndi ka Chipwitikizi: masauzande amalekanitsidwa ndi kadontho kapena mpata, ndipo mpatuliro ndi umene umayambitsa timagawo ta ndalama. Kapulogalamu kaja kosasinthidwa kadzalephera kapena kudzawerenga molakwika.

Ndiye musankhe iti?

Ngati malipoti ndi ochepa, taipani ndi manja n'kuyesa ndi mafomula aja. Ngati ndi angapo pa sabata ndipo muli kale ndi Microsoft 365, lolani Excel iyambe, inu mumalize. Ngati ndi ambiri koma akuchokera kwa anthu omwewo mwezi ndi mwezi, monga nthambi kapena magulu a alimi ogwiritsa ntchito fomu imodzi, Tesseract yoyeza malo a manambala ndi imene ndingasankhe, makamaka pamene intaneti ndi yosadalirika kapena mapepala sayenera kutuluka mu ofesi. Ngati ndi ambiri ndipo aliyense ali ndi maonekedwe ake, lipirani makina ozindikira matebulo, n'kumanga pamwamba pake malamulo anu a mitu, ndime ndi mabulaketi. Pa njira ziwiri zomalizazi, konzani zoti lipoti lomwe ladutsa mayeso onse lingoyang'anidwa mitu ndi muyeso wa ndalama, pomwe lophonya ngakhale fomula imodzi lipite kwa munthu pamodzi ndi chithunzi chake.

Gawo lotsika mtengo kuposa onse ndi kuuza otumiza mmene angajambulire. Pepala ligone pamalo osalala pamene pali kuwala kokwanira, foni ikhale pamwamba penipeni osati chammbali, tsamba limodzi pa chithunzi chimodzi, ndipo mitu ya makolamu ndi `K'000` zisadulidwe. Pa WhatsApp atumize ngati `Document`, chifukwa chithunzi chotumizidwa mwa nthawi zonse chimachepetsedwa, ndipo zoyamba kufufutika ndi zinthu zing'onozing'ono zija: mpatuliro, kamzere ndi mabulaketi. Mukalandira, kulitsani chithunzicho pa mzere wa manambala ang'ono kwambiri. Ngati inuyo simukutha kusiyanitsa 3 ndi 8, pemphani china musanayambe.